Masiku a tchuthi atsala ndipo chaka chikutha: ndipemphe kusamutsa kapena kulipidwa?

Nachisale: Abale ndi alongo, ndithandizeni nzeru. Kontirakiti yanga imandipatsa masiku 20 a tchuthi pachaka, ndipo timagwira ntchito Lolemba mpaka Lachisanu. Chaka cha tchuthi chimayamba pa 1 Januwale n'kutha pa 31 Disembala. Buku la malamulo a pantchito limati munthu angasamutsire chaka chotsatira masiku osapitirira 5, ndipo awadye pofika pa 31 Malichi, apo ayi amafufutidwa. Limatinso ndalama za masiku otsala zimaperekedwa munthu akamasiya ntchito, kapena ngati mkulu wa kampani wavomereza mwapadera. Panopa tili pakati pa Novembala. Ineyo ndikawerenga ndatsala ndi masiku 14, koma a ofesi yoona za antchito akuti ndi 10. Ndinapempha tchuthi mu Juni, anandikaniza. Mu Sepitembala anandikanizanso, ati ntchito yachuluka. Kodi ndilembe zotani kuti masikuwa asapite pachabe?

Mbewe: Achemwali, tisanafike pa kalata tiyambe tagwirizana pa nambala, chifukwa pempho lokhala ndi nambala yolakwika limabwezedwa tsiku lomwelo. Tiuzeni masiku amene munabwera nawo kuchokera chaka chatha, komanso tchuthi chilichonse chimene mwatenga chaka chino, mwezi wake ndi masiku ake.

Nachisale: Ndinabwera ndi masiku 4. Mu Febuluwale ndinatenga 3, mu Epulo sabata yathunthu, mu Ogasiti 2. Ndiye ndikuphatikiza 20 ndi 4 kukhala 24, kuchotsapo 10, kutsala 14. M'sabata ya Epuloyo munali tsiku limodzi la holide ya dziko lonse, kaya zili ndi kanthu.

Mbewe: Zili ndi kanthu kwambiri. Nambala yanu ya 14 ikhoza kukhala yolondola, koma njira imene mwadzera si yolondola, ndipo mukapita nayo choncho akugwetsani mosavuta. Adzangokuuzani kuti masiku a chaka chatha anatha mphamvu pa 31 Malichi, nkhani n'kuthera pomwepo.

Onani mmene iwo apezera 10. Atenga 20, achotsa 3, achotsa 5, achotsa 2. Kutanthauza kuti masiku anu a Febuluwale awadula pa masiku a chaka chino, ndipo 4 a chaka chatha aja awasiya osakhudzidwa mpaka afa onse kumapeto kwa Malichi. Zimenezi zimachitika kawirikawiri pamene kompyuta kapena kaundula ali ndi mizere iwiri, wa masiku osamutsidwa ndi wa masiku atsopano, ndiyeno wolemba n'kudula pamzere umene wayamba kuwuona. Chachiwiri, sabata ya Epulo aiwerenga masiku 5 pomwe limodzi linali holide imene aliyense sanapite kuntchito.

Kuwerenga koyenera n'kotere. Masiku 3 a Febuluwale achoke pa 4 akale aja, chifukwa munawatenga nthawi yake isanathe. Tsiku limodzi lotsalalo linafadi pa 31 Malichi, limenelo liiwaleni. Pa 20 a chaka chino mwadyapo 4 mu Epulo ndi 2 mu Ogasiti, onse pamodzi 6. Mwatsala ndi 14. Mwataya tsiku limodzi uku, mwapeza limodzi uko, n'chifukwa chake zafanana ndi zanu.

Chimene muyenera kutsimikiza ndi chakuti buku lanu likunena chiyani za masiku amene amayamba kudulidwa. Mabuku ambiri amanena poyera kuti akale ndiwo amayamba. Ngati lanu silinenapo kanthu, mfundo yanu ndi yakuti chilolezo chosamutsa masiku chingakhale chopanda tanthauzo ngati munthu watenga tchuthi mu Febuluwale koma masikuwo osadulidwa pa amene akuyembekeza kufa.

Gondwe: Ine ndikuona ngati mukuvutika pachabe. Masiku a tchuthi safa, ndi ufulu wa wantchito. Asungeni chete, tsiku limene mudzasiye ntchito adzakulipirani onse pamodzi, komanso pamalipiro okwera a nthawi imeneyo.

Nangozo: A Gondwe, mbali ina mwalondola. Munthu akamasiya ntchito, masiku amene ali nawo m'kaundula amayenera kulipidwa, ndipo malo ambiri amawerengera pa malipiro omaliza. Koma mawu oti amene ali nawo m'kaundula ndiwo akulu. Masiku amene anafufutidwa zaka zitatu zapitazo, popanda inu kulemba chilichonse chodandaula, ndi ovuta kuwadzutsa. Si kulikonse kumene lamulo limaletsa kufufuta. Kwina limalola malire, kwina limafuna kuti mugwirizane ndi abwana polemba, kwinanso limaika nthawi imene munthu angakadandaule, ikadutsa basi. Ndiye kukhala chete ndi njira yoopsa kuposa zonse.

Muonenso kuti ngakhale pangano nambala 132 la bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO, la mu 1970, silinena kuti masiku aziunjikana mpaka kalekale. Limati tchuthi chisachepere masabata atatu pachaka, ndipo gawo limodzi likhale masabata awiri osadukiza pokhapokha pali mgwirizano wina. Gawo limenelo litengedwe pasanathe chaka chimodzi, ndipo lotsalalo pasanathe miyezi 18, kuwerengera kuyambira kumapeto kwa chaka chimene masikuwo anapezedwa. Panganoli limamanga mayiko okhawo amene analivomereza, choncho musakalitchule m'kalata ngati kuti ndi lamulo lanu. Ndalibweretsa kuti muone maganizo amene ali kumbuyo kwa malamulo ambiri: cholinga ndi chakuti munthu apume, osati asunge masiku ngati ndalama.

Gondwe: Chabwino, koma ngati abwana ndiwo akaniza, si chilungamo kuti masikuwo afe.

Nangozo: Apo ndiye tikugwirizana, ndipo mpamene pali mphamvu ya a Nachisale. Pali kusiyana pakati pa munthu amene sanapemphe tchuthi chaka chonse ndi munthu amene anapempha n'kukanizidwa. Mu 2018 khoti lalikulu la mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya linagamula kuti wantchito sangangotaya masiku ake chifukwa choti sanapemphe, pokhapokha wolemba ntchito asonyeze kuti anam'patsa mpata weniweni ndi kumuchenjeza nthawi ikadalipo kuti masikuwo afa. Si dziko lililonse limene linafika pamenepo, komabe mfundo yoti wokaniza ndiye asenze zotsatira zake imamveka pa tebulo lililonse. Chofunika ndi umboni. Achemwali, kukanizidwa kuwiri kuja kunalembedwa?

Nachisale: Kwa Sepitembala kuli pa fomu, abwana analemba kuti sizitheka chifukwa cha ntchito ndipo anasayina. Kwa Juni anangondiuza pakamwa, fomu sindinadzaze n'komwe chifukwa ananeneratu kuti ndisavutike.

Nangozo: Ndiye tsamirani pa fomu ya Sepitembala. Ijambuleni lero, musunge kope kwanu. Za Juni mukhoza kuzitchula m'kalata m'chiganizo chimodzi, modekha, kuti munakambirana ndipo anakupemphani kuti mudikire. Akapanda kutsutsa poyankha, zayamba kukhala pa pepala. Koma musamange pempho lonse pa zimenezo, chifukwa abwana akangoti sakukumbukira, mulibe pogwira. Kutsogoloku, ngakhale atanena kuti musavutike, dzazani fomu ndithu. Tchuthi chimene sichinapemphedwe pa fomu, kwa a ofesi chimaoneka ngati inuyo simunachifune.

Kamanga: Pepani ndilowepo. Inenso ndili ndi masiku 12 a matenda amene sindinagwiritse ntchito chaka chino. Ndiye kuti ndingalembe kalata yomweyi kuti andilipire?

Mbewe: Ayi achimwene, imeneyo ndi nkhani ina. Masiku a matenda ndi chitetezo choti mukadwala malipiro asaduke. Mukapanda kudwala palibe chimene akukusungirani, pokhapokha kontirakiti yanu kapena mgwirizano wa yuniyoni utanena mwachindunji kuti amalipidwa kapena amaunjikana, ndipo malo otero alipo ndithu koma si ambiri. Pamene matenda amakhudzana ndi nkhani yathuyi ndi apa: mukadwala muli pa tchuthi, n'kukhala ndi kalata ya dokotala, malamulo ambiri amalola kuti masiku odwalawo abwezeredwe pa tchuthi chanu.

Nachisale: Ndiye ndipemphe kuti onse 14 asamutsidwe? Kapena ndingopempha ndalama zake zonse? Kunena zoona ndalamayo ingandithandize.

Mbewe: Zonse ziwirizo n'zosavuta kuzikana. Mukapempha kusamutsa 14 pomwe buku likuti 5, wolandira kalatayo angoloza tsamba la bukulo. Mukapempha ndalama za 14, mukupempha chinthu chimene mwina lamulo silimulola n'komwe kupereka. Gawani masikuwo patatu, kuti gawo lofuna chifundo cha munthu likhale laling'ono.

Masiku 5 atengeni chaka chino chisanathe. Sankhani sabata imene mukudziwa kuti ntchito imapepukako, mwina yoyambirira ya Disembala ngati kwanu kumapanikizika kumapeto kwa mwezi, ndipo dzazani fomu mawa. Fomu imeneyi imakuthandizani mbali zonse. Akavomera, mwapuma. Akakananso, mwapeza umboni wachiwiri wolembedwa, ndipo masiku 5 amenewo alowa m'gulu la amene kampani yakulepheretsani kutenga.

Masiku 5 ena ndi amene buku likulola kale kusamutsa. Amenewa simukupempha chifundo, koma funsani ngati amasamuka okha kapena pamafunika fomu yofika tsiku linalake. Anthu ambiri amataya masiku pamenepa, poganiza kuti kompyuta ichita yokha.

Otsala ndi 4. Amenewa ndiwo pempho lenileni: asamutsidwe mwapadera mpaka tsiku limene mwatchula, tinene 30 Juni, chifukwa munakanizidwa mu Sepitembala. Ngati sizingatheke, alipidwe. Tchulani tsiku lenileni, chifukwa abwana amaopa kusamutsa kopanda malire. Kwa kampani, masiku osatengedwa ndi ngongole imene a zachuma amailemba m'mabuku kumapeto kwa chaka, ndipo imakula malipiro anu akakwera. Akaona kuti ngongoleyo ili ndi tsiku lothera, savuta kwambiri.

Nangozo: Ndiwonjezere pa zimene a Mbewe anena zakuti mwina lamulo sililola kulipira. M'malo ambiri muli masiku ochepetsetsa amene lamulo limafuna kuti munthu apume, ndipo amenewo saloledwa kugulidwa ndi ndalama munthu akadali pantchito, ngakhale mwiniwakeyo atafuna. Pangano la ILO lija limanena zomwezo, kuti mgwirizano wogulitsa tchuthi chochepetsetsacho ukhale wopanda mphamvu kapena woletsedwa. Chifukwa chake n'chodziwikiratu: zikanaloledwa, wantchito wosowa ndalama akanagulitsa chaka ndi chaka, abwana n'kumakondwa, munthu osapuma mpaka kudwala. Masiku amene kontirakiti yawonjezera pamwamba pa a lamulo ndi amene nthawi zambiri mungakambirane.

Ndiye fufuzani nambala ya lamulo la kwanuko. Tiyerekeze kuti ndi 15 kwa ogwira masiku asanu pasabata. Ndiye kuti pa 20 anu, 5 ndi owonjezera. Mwa dongosolo la a Mbewe, mwapuma 6, mupuma 5 mu Disembala, 5 ena chaka chamawa, onse 16, ndipo 4 opempha ndalamawo akugwera m'gawo lowonjezera. Zikukwana bwino. Koma kumene lamulo likufuna masabata anayi athunthu, monga mmene zilili m'mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya, masiku 20 onsewo ndi a lamulo, ndipo palibe n'limodzi lomwe logulitsa kufikira ntchito itatha.

Chisi: Ine ntchito yanga ndi yokonza malipiro, ndiye ndilankhulepo za ndalamayo, poti anthu amayembekeza zambiri n'kukhumudwa. Musanavomere kulipidwa, funsani kuti malipiro a tsiku limodzi awapeza bwanji. Tiyerekeze malipiro a pamwezi ndi 660,000, ndalama ya mtundu uliwonse. Ena amagawa ndi 22, poti ndiwo masiku ogwira ntchito pamwezi, n'kupeza 30,000 patsiku. Masiku 4 ndi 120,000. Ena amachulukitsa ndi 12 n'kugawa ndi 260, masiku ogwira ntchito pachaka, n'kupeza pafupifupi 30,462 patsiku, masiku 4 pafupifupi 121,846. Ziwirizi sizisiyana kwenikweni. Koma ena amagawa ndi 30, n'kupeza 22,000 patsiku, masiku 4 n'kukhala 88,000 basi. Mwaluza 32,000 pa masiku anayi okha.

Kugawa ndi 30 kumakupweteketsani chifukwa tchuthi chanu chimawerengedwa m'masiku ogwira ntchito, pomwe 30 akuphatikiza Loweruka ndi Lamlungu. Ngati akudula tchuthi pa masiku a ntchito okha, agawenso ndi masiku a ntchito okha. Kwa ogwira masiku asanu ndi limodzi pasabata, nambala zake ndi 26 pamwezi kapena 312 pachaka. Ngati kontirakiti kapena lamulo latchula kale nambala yogawira, imeneyo ndi imene itsatidwe, ndiye yambani mwayang'ana kumeneko.

Kenako pali msonkho. Ndalamayi imaphatikizidwa pa malipiro a mwezi umenewo, ndipo popeza yakhala pamwamba, imadulidwa pa mlingo wapamwamba umene malipiro anu afikapo, mwinanso kukukwezerani pa mlingo wina. Ngati mlingowo ndi 30 pa 100 iliyonse, mwachitsanzo, pa 120,000 mulandira 84,000. Pemphani kuti pa kapepala ka malipiro ilembedwe pamzere wakewake, ndi chiwerengero cha masiku, kuti mawa pasadzakhale mkangano woti analipira masiku angati.

Kamanga: Nanga maalawansi amalowa?

Chisi: Ife timawerengera malipiro enieni okha, opanda alawansi, chifukwa ndi zimene buku lathu limanena.

Nangozo: Apa ndisiyana nanu pang'ono, a Chisi. Buku likhoza kunena choncho, koma funso ndi lakuti munthu akanapita ku tchuthi akanalandira chiyani. Alawansi ya nyumba imaperekedwa mwezi uliwonse, kaya munthu ali pa tchuthi kaya ayi, ndipo pali malamulo amene amaiwerenga ngati gawo la malipiro a masiku onse. Alawansi yobwezera ndalama za ulendo wa ntchito, imeneyo ayi.

Chisi: Komatu munthu amene akadali pantchito alawansi ya nyumba ya mwezi umenewo walandira kale yonse. Mukaiikanso m'ndalama za masiku anayi aja, walandira kawiri.

Nangozo: Malipiro enieninso walandira kale onse mwezi umenewo, koma mukumulipira masiku anayiwo pamwamba. Ndiye mfundo ya kawiriyo sikusiyanitsa ziwirizi.

Chisi: Ndamva, koma sindinakhutire. Nyumba ndi imodzi yomweyo, lendi sikwera chifukwa munthu sanapume. Tingoti a Nachisale aone mmene lamulo la kwawo ndi kontirakiti zikutanthauzira mawu oti malipiro, afunse asanasayine.

Nachisale: Zikomo nonse. Ndalemba chonchi, mundikonze.

"Bwana, ndikulemba zokhudza masiku anga a tchuthi a chaka chino. Malinga ndi mafomu amene ndaphatikiza, masiku 3 a mu Febuluwale amayenera kudulidwa pa masiku 4 ochokera chaka chatha, ndipo sabata ya mu Epulo inali ya masiku 4 chifukwa cha holide. Choncho ndatsala ndi masiku 14, osati 10, ndipo ndikupempha kuti kaundula akonzedwe. Mu Juni tinakambirana za tchuthi ndipo munandipempha kuti ndidikire, ndipo pempho langa la mu Sepitembala silinavomerezedwe chifukwa cha kuchuluka kwa ntchito. Ndikupempha kutenga masiku 5 m'sabata yoyamba ya Disembala, kusamutsa masiku 5 monga buku likulolera, komanso kuti masiku 4 otsalawo asamutsidwe mwapadera mpaka pa 30 Juni. Ngati zimenezi sizingatheke, ndikupempha kuti masiku 4 amenewa alipidwe."

Mbewe: Yakhala bwino, mulibe mkwiyo ndipo nambala zikuoneka. Zitatu zokha. Ikani tsiku limene mukupempha yankho, monga pasanathe sabata imodzi, n'kufotokoza chifukwa chake: yankho likachedwa, mpata wotenga masikuwo chaka chino utha. Kalata zoterezi kawirikawiri sizikanidwa, zimangogona m'dirowa mpaka Januwale, kenako n'kukuuzani kuti kompyuta yatseka kale chaka.

Chachiwiri, tumizani kwa abwana anu ndi kope ku ofesi yoona za antchito. Buku lanu likuti ndalama amavomereza ndi mkulu wa kampani, ndiye kuti abwana anu a pafupi alibe mphamvu yolonjeza zimenezo. Akakuuzani pakhonde kuti musadandaule zitheka, thokozani, koma pemphani siginecha ya amene buku lamutchula. Mamanejala amasinthidwa, ndipo wobwerayo adzangoona zimene zili m'faelo.

Chachitatu, onjezani mzere wosonyeza nthawi imene mudzadye masiku osamutsidwawo. Chaka chamawa mudzakhala ndi 20 kuphatikiza 9, onse 29, pafupifupi masabata asanu ndi limodzi. Bwana amene walephera kukumasulani masiku 20 chaka chino achita mantha ndi 29. Mukalemba kuti 5 mudzatenga mu Febuluwale, 4 mu Meyi, ndipo wakutiwakuti adzagwirizira ntchito yanu, mwamuchotsera chifukwa chachikulu chokanira.

Gondwe: Nanga akakana zonse, kuphatikiza sabata ya Disembalayo?

Nangozo: Apemphe kuti kukanako kulembedwe, ndipo m'kalata yomweyo afunse kuti kampani ikufuna masikuwo atengedwe liti. Nthawi zambiri wolemba ntchito ali ndi mphamvu yosankha nthawi ya tchuthi atakambirana ndi wantchito, koma kusankha nthawi n'kosiyana ndi kumana tchuthi chaka chonse kenako n'kuchifufuta. Likapanda kubwera yankho lomveka, atsate njira yodandaulira imene ili m'buku lomwelo, apite ndi nthumwi ya yuniyoni ngati ilipo, ndipo zikakanika apite ku ofesi ya boma yoona za ntchito asanadutse nthawi yodandaulira. Chimene asachite ndi kungodzipatsa tchuthi popanda chilolezo. Kumeneko kumawerengedwa ngati kujomba, ndipo nkhani imatembenuka kuchoka pa masiku 14 kupita pa mlandu wa iyeyo.

Chisi: Akavomera, musathere pa kalata. M'sabata yoyamba ya Januwale pemphani kaundula wanu watsopano, muone ngati pamzere wa masiku osamutsidwa palembedwa 9. Makompyuta ambiri a malipiro anaikidwa kuti azidula okha chilichonse chopitirira malire usiku wa pa 31 Disembala, ndipo masiku 4 apaderawo amafunika munthu awalowetsenso pamanja. Muonenso tsiku lawo lothera, chifukwa akawaphatikiza ndi 5 ena aja, onse adzafufutika pa 31 Malichi m'malo mwa 30 Juni.

Nachisale: Ndayang'ananso buku. Za masiku oyamba kudulidwa silinenapo kanthu, koma za kusamutsa likuti fomu ifike pa 30 Novembala. Ndidzaza mafomu onse awiri mawa ndi kuonjezera zimene mwanena. Za nambala yogawira malipiro ndikafunsa ku ofesi, chifukwa m'kontirakiti mulibe.